Nyimbo, phokoso ndi chete mu sikiripiti ya sewero la pa wailesi: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera kuchokera kwa anthu olemba masewero a pa wailesi, makamaka ma wailesi a m'madera komwe wolemba ali kwina, osewera anajambula Lachiwiri, edita akuzaiona ntchitoyo Lachinayi usiku pa laputopu ali yekha. Ndayankha mmene ndimachitira ine. Zina mungatsutse, palibe vuto.

Bwanji ndisangolemba mawu a osewera basi, za nyimbo edita aziona yekha?

Chifukwa edita sanali m'mutu mwanu pomwe mumalemba. Iye amalandira mafayilo a mawu, mwina osakanikirana, chigawo chachitatu chinajambulidwa choyamba chifukwa wosewera wina amathamangira minibasi, nde akatsegula amangoona timizere tokwera ndi kutsika pa sikirini. Mzere woti "Chabwino, pitani" utha kukhala wokhululuka, utha kukhala wothamangitsa munthu pakhomo. Wosewera amanyamula theka la tanthauzolo ndi mawu ake, theka linalo lili pa zomwe zikumveka kumbuyo ndi nthawi yomwe yadutsa asanayankhe. Mukapanda kulemba, edita amaika zomwe ali nazo pafupi, ndipo zomwe ali nazo pafupi nthawi zambiri ndi kapiyano kaja kolira kamene kali mu foda yake chaka chachitatu tsopano, komwe anaika pa maliro a sewero lina mwezi watha.

Komanso pa wailesi palibe nkhope. Womvera saona kuti mayi wagwetsa maso pansi. Zomwe kamera ikanaonetsa, inu mukuyenera kuzipezera phokoso kapena chete.

Nde zimalembedwa bwanji pa pepalapo?

Chachikulu n'choti malangizo asafanane ndi mawu a wosewera, edita aziwaona ngakhale akungothamangitsa maso. Ine ndimachita chonchi: malangizo aliwonse pa mzere wakewake, zilembo zazikulu, kuyamba ndi liwu limodzi mwa atatu, NYIMBO, PHOKOSO kapena CHETE. Mukalandira sikiripiti yachingerezi muona `SFX` kapena `FX` pa phokoso ndi `MUSIC` pa nyimbo, ndi zomwezo, gwiritsani ntchito zomwe gulu lanu linazolowera bola musasinthesinthe pakati pa sewero. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala, wa osewera ndi wa malangizo omwe, kuti edita akaimba foni azingoti "tsamba 4 mzere 12" osati "paja pomwe amayi aja akwiya paja", poti amayi aja akwiya malo asanu.

Osabisa malangizo a edita m'kati mwa mawu a wosewera. Zinachitikapo kwa ife, wosewera watsopano anawerenga mokweza ndi mtima wonse kuti "chitseko chikutsekedwa", tinaseka koma tinajambulanso.

Ndimalemba kuti NYIMBO YACHISONI. Sizikukwana?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timagwera. Chisoni chilipo chamitundumitundu, cha pa maliro, cha munthu amene wasiyidwa ndi chibwenzi, cha mlimi amene akuyang'ana chimanga chikufota mu Febuluwale. Nyimbo zake sizingakhale imodzi. Langizo labwino limayankha zinthu zinayi, ndipo sikuti mulembe ndime yonse, mizere iwiri imakwana. Iyambe pati, kutanthauza pa liwu liti lenileni. Ilowe bwanji, mwadzidzidzi kapena mokwera pang'onopang'ono. Ithe pati ndipo ithe bwanji. Chachinayi chomwe anthu amaiwala: womvera amve chani mumtima, ndipo asamve chani.

Chachinayichi ndimachikonda chifukwa chimamasula edita. Mukalemba kuti "gitala imodzi yokha, yodekha, ngati munthu akuganiza ali yekha pakhonde madzulo, isakhale ya maliro", ngakhale alibe gitala apeza kalimba kapena bangwe yomwe ikuchita ntchito yomweyo. Mukangotchula dzina la nyimbo osanena chifukwa, iye akaisowa amaika ina iliyonse ya woimba yemweyo, mwina yovina.

Kunena pomwe ithere n'kofunika kuposa pomwe iyambire. Nyimbo yopanda malangizo otha imangoyenda mpaka chigawo chonse chanyowa nayo.

Tapatseni chitsanzo chenicheni.

Tiyerekeze chigawo ichi. Mayi akusinja chimanga pabwalo masana. Mwana wawo wamwamuna, amene anamutuma ndi ndalama za feteleza, wabwera kuzaulula kuti ndalamazo wabetchera mpira ndipo zapita. Wolemba woyamba kumene amalemba chonchi:

```
1. NYIMBO YACHISONI
2. MWANA: Amayi, ndalama zija ndaluza.
3. MAYI:  Wati chani?
4. PHOKOSO LA KUMUDZI
```

Taonani zomwe zichitike. Nyimbo yachisoni yalowa mwana asanatsegule pakamwa, nde womvera wadziwiratu kuti kukubwera zoipa, nkhani yaululika isananenedwe. Kenako "phokoso la kumudzi", edita aika tambala, mbuzi, ana akusewera, galu, zonse pamodzi, chigawo cha misozi chikumveka ngati tsiku la msika. Tsopano onani ichi:

```
1. PHOKOSO: MTONDO, MUSI UMODZI, KUGUNDA MOSATHAMANGA.
   NJIWA PATALI. ZIPITIRIRE PANSI PA MAWU.
2. MWANA: (CHAPATALI) Amayi.
3. MAYI:  Wafika? Matumba ali kuti?
4. MWANA: (PAFUPI, MOTSITSA) Ndalama zija ndaluza.
5. PHOKOSO: MUSI UGUNDE KAMODZI KENA, KENAKO UIME.
6. CHETE: MASEKONDI 4. NJIWA YOKHA. OSAIKA NYIMBO.
   OSADULA. MAYI AKUMEZA NKHANIYO.
7. MAYI:  Zonse?
```

Mtondo uja sitinauike kuti ungosonyeza kuti tili kumudzi. Tinauika kuti uzaime. Womvera khutu lake lazolowera kugunda kuja, du, du, du, nde ukangoleka amamva ngati chinachake chagwa m'mimba, ndipo sitinagwiritse nyimbo ngakhale pang'ono. Pa mzere 5 ndati ugunde kamodzi kena usanaime chifukwa munthu sasiya ntchito pa liwu lenilenilo, dzanja limakhala lili kale m'mwamba, nkhani imafika mumtima mochedwerapo. Ukaima pomwepo pa "ndaluza" zimamveka kuti ndi edita wadula.

Mathero ake ndingalembe motere:

```
12. MAYI: Pita ukawauze wekha amalume ako.
13. PHOKOSO: MAPAZI PA DOTHI, AKUTALIKIRA.
14. PHOKOSO: MTONDO UYAMBIRENSO, MWAMPHAMVU, MOTHAMANGA.
15. NYIMBO: ILOWE MUSI UTAGUNDA KACHITATU, IKWERE
    PANG'ONOPANG'ONO, MASEKONDI 6, ITSIKE N'KULOWA CHIGAWO 5.
    YOLEMERA, YA MKWIYO WOSUNGA. ISAKHALE YOLIRA.
```

Mayi uja sanalire, sanakalipe, koma mmene akusinjira tsopano womvera aliyense amene anakulira pafupi ndi mtondo akudziwa kuti zavuta. Chinthu chimodzi choti mukumbukire: mzere 14 ukufuna kujambula mtondo kawiri, wodekha ndi wothamanga. Edita sangangofulumizitsa woyamba uja pa kompyuta, umamveka wabodza. Nde malangizo oterewa awonedwe tsiku lojambula lisanafike, osati pa editi.

Chete ndilembe masekondi angati?

Lembani nambala, osangoti "kanthawi", chifukwa kanthawi ka inu ndi ka edita n'kosiyana. Mmene ndimaonera ine, sekondi imodzi ndi kupuma chabe, munthu akukoka mpweya. Masekondi 2 ndi munthu amene akusankha mawu kapena akufuna kunama. Masekondi 3 mpaka 4 ndi nkhani yolemera, ndipo pa wailesi amamveka aatali kuposa mmene mukuganizira, tayesani kuwerenga mokweza muli ndi wotchi. Kupitirira 5 popanda chilichonse chomveka, agogo kumudzi ayamba kugogoda wailesi kuganiza kuti mabatire atha, wina wapotokola kale kupita siteshoni ina. Ma siteshoni ena alinso ndi makina omwe akamva zii kwa nthawi amaganiza kuti situdiyo yagwa n'kuyatsa nyimbo zosungira okha, nde chete wautali kwambiri ndi wofunsa kaye kwa a zamakina.

Osamwaza chete paliponse. Mu sewero la mphindi 15, chete wamkulu mmodzi kapena awiri basi. Akachuluka sakhalanso ndi mphamvu, sewero limangomveka ngati osewera akuiwala mizere.

Ndinalemba CHETE koma pa wailesi panalibe, kapena panamveka ngati yazima. Chinachitika n'chani?

Ndi mavuto awiri osiyana, onse amayambira pa pepala.

Loyamba, edita ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kuchotsa mipata. Nkhani, zokambirana, malonda, konse amadula pomwe munthu wakhala chete kuti pulogalamu ikwane nthawi. Dzanja lake linazolowera. Ena amangosankha fayilo yonse mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, n'kuyendetsa `Truncate Silence`, yomwe imafupikitsa mipata yonse nthawi imodzi, masekondi 4 anu aja apita osadziwa n'komwe kuti analipo dala. N'chifukwa chake ndimalemba OSADULA ndi kachifukwa kake pambali. Komanso pulogalamu ikatalika ndi masekondi 20, choyamba kudyedwa ndi chete, nde muuzeni inu nokha mizere yomwe angachotse ikatalika, ikani chizindikiro pa mizere iwiri itatu yosafunikira kwenikweni.

Lachiwiri ndi losiyana. Edita wamvera, waika masekondi 4, koma wawapanga ndi `Generate` kenako `Silence`, yomwe imapereka zii weniweni wopanda kalikonse. M'moyo mulibe chete wotero. Chipinda chilichonse chili ndi kamawu kake, kamphepo, malata akutentha ndi dzuwa, msewu patali, ngakhale kaphokoso ka maiki yeniyeniyo. Kamawu kameneka kakasowa mwadzidzidzi khutu limamva dzenje, limati waya waduka. Mungadziwe vutoli pomvera ndi mahedifoni: kumbuyo kumamveka kuti fuu, kenako kuzima, kenako fuu kubwerera wosewera akayamba kuyankhula. Nthawi zina chimachititsa ndi `Noise Gate` yoikidwa mwamphamvu, imatseka chilichonse chotsika.

Mankhwala ake ndi osavuta. Tsiku lojambula, pamalo aliwonse, mukamaliza chigawo aliyense akhale pomwe ali, maiki isasunthe, mujambule masekondi 30 mpaka mphindi imodzi palibe woyankhula. Fayiloyo muipatse dzina la malowo. Ndiye mu sikiripiti CHETE aliyense azinena chotsala, kaya njiwa yokha, kaya nkhululu, kaya wotchi ya pakhoma. Ndikawerenga sikiripiti ya munthu n'kupeza CHETE wopanda chotsala ndimabweza.

Phokoso ndiike lochuluka bwanji kuti malo amveke enieni?

Lochepa kuposa mmene mukufunira. Malo amodzi, phokoso limodzi kapena awiri omwe munthu angawazindikire osaganiza. Pa mjigo, chitsulo chija chikulira ndi madzi akugwera mu ndowa. Pa chigayo, injini. Pa depoti, kondakitala akuitanira ndi chitseko cha minibasi chokoka chija. Liyambe lomveka bwino masekondi 2 kapena 3 kuti womvera adziwe pomwe ali, kenako litsike pansi pa mawu, ndipo zimenezi muzilembe, apo ayi chigayo chilira mofanana mpaka osewera osamveka.

Samalani ndi nyengo ndi nthawi, omvera athu amadziwa zinthuzi kuposa ife a mu situdiyo. Nyenje ndi za dzuwa lotentha la Okutobala, achule ndi a dzinja. Mukaika achule pa chigawo chomwe anthu akudandaula kuti mvula yakana, wina aimba foni. Ndipo mbalame za pa intaneti zambiri ndi za kunja, sizilira ngati zathu, bola kutuluka ndi foni m'mawa n'kujambula zapakhomo. Kadzidzi yekha musamuike ngati chokongoletsa usiku. Kwa womvera wa kuno kadzidzi akalira pafupi ndi nyumba ndiye kuti mwalonjeza zoipa, azidikira maliro mpaka sewero kutha. Ngati mukungofuna usiku lembani nkhululu, mwinanso galu patali.

Edita anaika mvula koma anthu amati zimamveka ngati akukazinga mandasi.

Eya, pa kawailesi kakang'ono mvula, mafuta a pamoto, mtsinje ndi wailesi yosagwira bwino siteshoni zonse ndi shii yemweyo. Phokoso lotere limafuna mnzake wolithandiza. Lembani "mvula pa malata, madontho akugwera mu beseni, bingu limodzi poyamba", kapena wosewera anene mawu amodzi, "tatsekani zenera, ikulowa". Zomwezonso ndi moto, umafuna kuthetheka kwa nkhuni.

Zoti mawu amveke ku sipika ya kumanzere kapena ya kumanja ndizilemba?

Osavutika. Ambiri akumvera pa wailesi ya sipika imodzi kapena pa foni. Lembani PAFUPI, CHAPATALI, AKUYANDIKIRA, AKUTALIKIRA, ndipo izi ndi za osewera tsiku lojambula, asunthe okha kuchoka pa maiki. Kungotsitsa voliyumu pa editi sikumveka ngati munthu ali patali, kumamveka ngati munthu wapafupi amene watsitsidwa voliyumu.

Nyimbo ikamayenda pansi pa mawu ikhale yokwera bwanji? Ndilembe manambala?

Manambala ndi a edita, inu lembani cholinga, monga "pansi kwambiri, womvera asaizindikire mpaka mayi atasiya kuyankhula". Koma ndi bwino kudziwa zomwe zimachitika kumeneko. Ambiri amaika nyimbo pafupifupi 15 mpaka 20 dB pansi pa mawu. Mu Audacity muli `Auto Duck` yomwe imatsitsa nyimbo yokha munthu akayankhula n'kuikweza akasiya. Pa malonda imathandiza, koma pa sewero ndi yoopsa, chifukwa pa chete wanu uja nyimbo imadzuka yokha n'kudzaza mpata wonse. Pa zigawo zolemera pemphani kuti achite ndi dzanja, ndi `Envelope Tool`.

Zina ziwiri. Nyimbo yokhala ndi mawu oimba isayende pansi pa zokambirana, khutu silingatsate Chichewa chiwiri nthawi imodzi, limasankha chimodzi, ndipo kawirikawiri limasankha nyimbo. Yoimba isungireni pakati pa zigawo. Chinanso, mukadalira kugunda kwa besi kapena ng'oma yaikulu yapansipansi kuti ibweretse mantha, mu situdiyo zimveka bwino kwambiri koma pa sipika ya foni mawu apansiwo satuluka, chigawo chimangokhala chopanda kanthu. Musanatumize, mverani pa foni yotchipa muli panja pomwe pali phokoso. Ndi mmene anthu azamverere.

Ndingalembe dzina la nyimbo ya woimba wotchuka?

Kulemba mungalembe ngati chitsanzo cha mtundu womwe mukufuna, koma kuiika mu sewero ndi nkhani ina. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo kuno za umwini wa nyimbo amayang'anira ndi a COSOMA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Musangoganiza kuti poti siteshoni imaiimba kale ndiye mutha kuimatika mu sewero lomwe muzaligawa ku ma siteshoni ena kapena kuliika pa YouTube, funsani kaye. Njira yomwe imatipepukira ife ndi kuitana woimba mmodzi wa m'dera, kugwirizana naye pa pepala, n'kujambula kanyimbo kamodzi m'njira zingapo: kodekha, kothamanga, kachidule ka masekondi 3 kotsekera chigawo, ndi kotalikirapo ka masekondi 8 kosonyeza kuti masiku adutsa. Mukazipatsa manambala, mu sikiripiti mumangoti NYIMBO 2, edita sasochera.

Palinso vuto lina ndi nyimbo yotchuka, imabwera ndi katundu wake. Womvera amakumbukira ukwati womwe anavinako, wachoka mu sewero lanu.

Ndipo chonde osalemba "ng'oma zoopsa" n'kusiya pomwepo. Edita wachinyamata wa mu tauni atha kutenga ng'oma za gule wamkulu n'kuika pa chigawo cha mfiti kapena akuba, poti kwa iye ndi ng'oma basi. Kwa eni ake ndi mwambo, ndipo akhumudwa ndi chifukwa chomveka. Chimodzimodzi nyimbo za chinamwali kapena za mpingo winawake. Ngati chigawo chikufunadi ng'oma nenani za gule uti ndipo chifukwa chani.

Edita wasintha zomwe ndinalemba. Ndilimbane naye?

Mverani kaye kawiri musanayankhule. Nthawi zambiri iye wamva chinthu chomwe inu pa pepala simukanachimva, mwachitsanzo wosewera anayankhula mzere uja mosweka mawu kale moti nyimbo pamwamba pake ikanangoonjeza mchere pa ndiwo zokolera. Zikatero musiyeni. Chomwe ndimachita n'kuika nyenyezi pa malangizo omwe nkhani yaimirirapo, ngati mtondo uja ndi chete wake, awiri kapena atatu mu sewero lonse, n'kumuuza kuti awa okha asasinthe osandiimbira, enawo aone yekha. Mukaika nyenyezi paliponse adzasiya kuziona.

Mukamamuyankha mpatseni nthawi yeniyeni, "pa 07:42 nyimbo yalowa msanga, idikire mpaka anene kuti zonse", osati "chigawo chija sichikundigwira mtima". Mu Audacity atha kuika chizindikiro pamalopo ndi `Ctrl+B` n'kulemba nambala ya mzere wa mu sikiripiti, mukakhala pamodzi mumangodumpha kuchoka pa chizindikiro china kupita pa china.

Nanga ngati ndi vidiyo, zimasintha?

Pang'ono. Ambiri amagawa tsamba pawiri, zooneka mbali imodzi zomveka mbali inayo, ndipo langizo mumalimangirira pa chochitika, "nyimbo ilowe akangotembenuka", osati pa liwu lokha. Chete amatha kutalikirapo poti nkhope ikugwira ntchito ndipo palibe amene aganize kuti yazima. Koma kamawu ka malo kaja mukajambulebe, mphindi imodzi pamalo aliwonse anthu asanayambe kupakira zida, chifukwa dzenje lija pa vidiyo limamvekanso chimodzimodzi.